Kalembedwe ka ndemanga imene wophunzira angaigwiritse ntchito pokonza chimangirizo chake

Wophunzira akalandira kope lake n'kupeza kuti pansi pa chimangirizo palembedwa 9/20 ndi mawu akuti "Limbikira", amadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti sanachite bwino. Sadziwa kuti malikisi 11 aja athawira pati, sadziwanso choyamba kukonza. Zili ngati kuuza wophika kuti ndiwo sizinakome, pamene chofunika kumuuza ndi chakuti mchere wachepa. Ndemanga yothandiza imasiyana ndi malikisi chifukwa imapatsa mwana ntchito yoti achite, ntchito imene angaiyambe pomwepo popanda kubwera kudzafunsa kuti "Aphunzitsi, apa mukutanthauza chiyani?" Malangizo ali pansipa atengera chimangirizo cha Chichewa cha Sitandade 7 m'kalasi la ana 80, koma njira yake ndi yomweyo pochonga kalata, chifupikitso ngakhalenso masamu.

Choyamba: gwirizanani ndi ana zimene mudzayang'ane

Ndemanga imayamba ntchito isanalembedwe. Mukapereka mutu, mwachitsanzo "Tsiku la msika kwathu", lembani pa bolodi zinthu zitatu zimene mudzafune kuziona, ndipo ana azikopere pamwamba pa tsamba. Pa mutu umenewu mungalembe kuti chimangirizo chikhale ndi chiyambi, thunthu ndi mathero. Ndime iliyonse ya thunthu itchule zinthu zenizeni zosachepera zitatu zimene munthu angazione, kuzimva kapena kuzinunkhiza pamsika. Chiganizo chilichonse chiyambe ndi lemba lalikulu ndi kuthera pa mpumiro.

Musapitirire zitatu. Mwana wa zaka 12 sangasunge m'mutu zinthu zisanu ndi ziwiri uku akuganiza za nkhani yake, ndipo inunso pochonga mudzasochera. Zitatuzi zimakumangani inu mwini: ngati simunatchule za miyambi ndi zining'a, musadzalembe pansi kuti "palibe mwambi". Ana amaona msanga ngati mphunzitsi akusintha muyeso ntchito itatha kale, ndipo akaona zimenezo amaleka kuwerenga zimene mwalemba.

Chachiwiri: werengani makope ena musanagwire cholembera

Tengani makope 15 kapena 20 mosasankha, muwawerenge mwamsanga cholembera chili patebulo. Pambali ikani pepala loti muzilembapo mavuto amene akubwerezedwa. Kawirikawiri mudzapeza kuti kalasi lonse lagwera m'mavuto anayi kapena asanu okha. Ena alemba chiganizo chimodzi chotalika theka la tsamba, ena sanagawe ndime, ena angonena kuti "kunali zinthu zambiri" osatchula ngakhale chimodzi, ena asiya mutu n'kuyamba kusimba za ulendo wa pa minibasi.

Mphindi 20 zimenezi zimapulumutsa maola. Vuto limene lili m'makope oposa theka silofunika kulilemba ka 50 ndi dzanja. Limenelo ndi lofunika kuliphunzitsanso pa bolodi, chifukwa likusonyeza kuti phunziro silinalowe.

Chachitatu: pa kope lililonse sankhani vuto limodzi

Apa ndi pamene aphunzitsi akhama amalakwitsa kwambiri. Amafuna kuti cholakwika chilichonse chioneke, ndiye tsamba limabwerera lofiira paliponse. Mwana akaona mizere 25 yofiira sadziwa kuti wofunika ndi uti, ndiye amachita chophweka: amakonza mawu awiri olembedwa molakwika n'kutseka kope, vuto lalikulu lili pomwepo.

Posankha, yambirani pa chachikulu kutsikira pa chaching'ono. Dzifunseni kaye ngati mwana wayankha mutu. Ngati wayankha, onani ngati mfundo zake zili ndi nyama, kutanthauza zitsanzo ndi zifukwa. Kenako onani ngati zasanjidwa bwino m'ndime. Pambuyo pake ndiye mufike pa ziganizo ndi zizindikiro, ndipo kalembedwe ka mawu kabwere komaliza. Chifukwa cha dongosolo limeneli n'chapafupi: palibe phindu kukonzetsa mwana mipatuliro m'ndime imene iyenera kuchotsedwa yonse chifukwa yasochera pa mutu. Malo oyamba pamene chimangirizo chagwa ndi pamene payenera kupita ndemanga yanu. Pali nthawi imodzi yoyenera kuphwanya dongosololi, ndiyo pamene ziganizo zasokonekera mpaka inu mwini simukumva zimene mwana akunena. Zikatero yambirani pa ziganizo.

Chachinayi: mangani ndemanga ya mbali zitatu

Tiyeni titenge ndime ya mtundu umene umapezeka kawirikawiri m'makope a Sitandade 7:

"Tsiku la msika kwathu ndi lachiwiri anthu amabwera ambiri amagulitsa zinthu zosiyanasiyana kumakhala kosangalatsa kwambiri. Ine ndinapita ndi amai anga ndipo tinagula zinthu ndipo tinabwerera kunyumba ndipo tinafika madzulo. Msika ndi wabwino chifukwa kumakhala zinthu zambiri. Anthu amabwera ambiri."

Zolakwika zilimo zingapo. Chiganizo choyamba ndi ziganizo zinayi zolumikizidwa popanda mpumiro. Dzina la tsiku layamba ndi lemba laling'ono. Mawu akuti "amayi" asowa lemba limodzi. Mlumikizi "ndipo" wabwera katatu m'chiganizo chimodzi. Mfundo yakuti anthu amabwera ambiri yanenedwa kawiri. Koma tikatsata dongosolo lija, mwanayu sanasochere pa mutu, ndipo zimene akunena zikumveka ngakhale mipumiro ikusowa. Pamene wagwa poyamba ndi pa mfundo: walemba mawu akuti "zinthu" katatu, osatchula ngakhale tomato mmodzi. Wowerenga sangadziwe ngati msikawu uli ku Jenda kapena ku Lunzu. Ndemanga ipite pamenepo.

Mbali yoyamba ya ndemanga imatchula chimene mwana wachita bwino, ndipo chikhale chinthu chooneka pa tsambalo. Cholinga si kumunyengerera ayi, koma kuti adziwe choyenera kusunga. Ana ambiri akauzidwa kuti alembenso amataya zonse, zabwino zomwe, chifukwa palibe amene anawauza kuti izi zokha zisiye momwemo. Kwa mwana uyu mungalembe kuti: "Wayamba bwino potiuza msanga kuti msika umachitika tsiku liti."

Mbali yachiwiri imaloza malo ndi kunena vuto pamodzi ndi chifukwa chake. Malo atchulidwe ndi nambala ya mzere kapena ndi chizindikiro chimene mwaika m'mphepete. "Ndazunguliza mawu akuti 'zinthu' malo atatu. Mawu amenewa sakundionetsa msika wakwanu, chifukwa msika uliwonse uli ndi zinthu."

Mbali yachitatu ndiyo ntchito, ndipo iyambe ndi mneni wolamula wokhala ndi muyeso, monga lemba, chotsa, gawa, tchula, sinthanitsa. "Pa malo aliwonse amene ndazunguliza, chotsa 'zinthu' n'kutchula malonda enieni atatu amene unawaona. Uwonjezenso chiganizo chimodzi chonena fungo kapena phokoso la pamsikapo."

Ndemanga yonseyi sikufika mawu 60, ndipo mwana akaiwerenga akudziwa kuti ayambire pa mzere uti, achite chiyani, achite kangati. Taonani kuti simunamulembere yankho. Mukadalemba nokha pamwamba pa "zinthu" kuti "tomato, usipa, kaunjika", mukadaganiza ndinu, iye n'kungokopera. Chimene angabweretse mawa chingaoneke chonchi:

"Tsiku la msika kwathu ndi lachiwiri anthu amabwera ambiri amayala tomato ndi anyezi pa masaka ena amagulitsa usipa m'mabeseni. Pafupi ndi msewu pamakhala anyamata okazinga chipisi pa chiwaya ndipo utsi wake umafika mpaka kokwerera basi."

Mipumiro ikusowabe, Lachiwiri likadali ndi lemba laling'ono, koma msika tsopano ukuoneka. Vuto la mipumiro lafika pa nthawi yake, ndipo ndemanga yachiwiri ingakhale yaifupi: "Tsopano ndikuuona msika wako. M'mizere itatu yoyamba muli ziganizo zinayi zimene zalumikizana. Werenga mokweza, ndipo paliponse pamene ganizo latha ika mpumiro n'kuyamba ndi lemba lalikulu." Kumuuza chiwerengero cha ziganizo kumamuthandiza kudziyesa yekha. Akapeza zitatu adziwa kuti chimodzi chikubisalabe, ndipo abwereranso kukachifuna.

Musanatseke kope, yesani ndemanga yanu ndi mafunso awiri. Kodi ndemanga imeneyi ndingaikopere pa kope la mwana wina aliyense n'kukwanira? Ngati ndi choncho, ndiye kuti sinalankhule za ntchito ya mwana uyu. Nanga mwanayu angaimalize m'mphindi 10 ali yekha? Ngati ayi, mwamupatsa katundu wamkulu, kapena mwamuuza chinthu chimene simunamuphunzitse.

Mawu amene timalemba kawirikawiri ndi mmene tingawasinthire

Ndemanga yakuti "Onjezera mfundo" imaoneka ngati langizo, koma mwana amene akadadziwa mfundo yoonjezera akadailemba kale. Mupatseni funso limene yankho lake ndiye mfundoyo: "Wanena kuti mitengo yakwera. Kodi mulu wa tomato unali pa ndalama zingati, nanga amayi anachita chiyani atamva mtengowo? Yankha m'ziganizo ziwiri pansi pa ndime yachiwiri."

M'malo mwa "Sizikumveka", nenani pamene inu mwasochera ngati wowerenga: "Pa mzere 6 walemba kuti 'anamuthamangitsa'. Sindikudziwa kuti anathamangitsa ndani, wogulitsa kapena wakuba. Ikapo maina a anthu onse awiri."

"Gawa ndime" amamveka kwa mwana amene akudziwa kale kugawa. Kwa amene sakudziwa, lembani kuti: "Chimangirizo chako chili ndi nkhani zitatu: ulendo wopita, za pamsika, ndi kubwerera. Ika chizindikiro cha // pamene nkhani iliyonse yayambira, kenako ulembenso zonse m'ndime zitatu."

Kwa amene wasochera pa mutu, kulemba kuti "Wapatuka" kumangomukhumudwitsa. Muonetseni kukula kwa vutolo ndi chimene angapulumutse: "Mwa mizere 18, mizere 13 ikunena za minibasi ndipo 5 yokha ikunena za msika. Fupikitsa za ulendo zikhale ziganizo ziwiri za chiyambi, ndipo ndime ziwiri zotsatira zikhale za zimene unaona utafika."

Pa kalembedwe ka mawu, musakonze mawu onse. Sankhani atatu amene mwana amawagwiritsa ntchito kawirikawiri kapena amene ali ndi vuto lofanana: "Mawu atatu amene ndawadula mzere kunsi onse akusowa lemba limodzimodzi. Lipeze, uwalembenso molondola m'mphepete." Ngati walemba "amai", "mwai" ndi "ntchito yao", adzazindikira kuti awiri oyamba ndi a gulu limodzi ndipo lachitatu likusowa lemba lina, choncho samalani kuti mawu amene mwawaika pamodzi akhaledi a vuto limodzi. Mukasakaniza, mwana amasokonezeka n'kuyamba kukayikira ndemanga zanu.

Ana okhoza ndiwo amanyengedwa kwambiri. Amalandira 17/20 ndi "Wakhoza, pitiriza", chaka n'kutha osauzidwa kuti malikisi atatu otsalawo ali kuti. Nawonso apatseni ntchito: "Ndime zako zasanjidwa bwino ndipo zitsanzo zako zikuoneka. Koma ziganizo zisanu mwa zisanu ndi ziwiri zayamba ndi 'Anthu'. Sintha chiyambi cha zitatu, uyambe ndi malo kapena nthawi." Kapenanso: "Mathero ako angobwereza chiyambi. Alembenso kuti atiuze chimene chinakutsalira m'maganizo pochoka pamsikapo."

Pa masamu mfundo ndi yomweyi, ndipo chitsanzo chimodzi chikwanira. Mwana walemba kuti 402 − 178 = 376. Mtanda wofiira ungomuuza kuti walakwa. Koma mukayang'anitsitsa muona kuti pa mzati uliwonse wachotsa nambala yaing'ono mu yaikulu, 8 − 2, 7 − 0, 4 − 1, osabwereka. Ndemanga ingakhale: "Phatikiza 376 ndi 178. Kodi wabwerera pa 402? Yang'ananso mzati woyamba kumanja: kodi ungachotse 8 mu 2 osabwereka?" Mwanayo apeza 554, aona yekha kuti sizikugwirizana, ndipo mwamusonyeza pamene payambira vuto popanda kumuuza kuti yankho ndi 224.

Pali mawu ena oyenera kuwasiyiratu. "Ndiwe waulesi", "Sumva", ngakhalenso "Ndiwe wanzeru" amanena za munthu, osati za ntchito, ndipo munthu sangakonzedwe ndi cholembera m'mphindi 10. Kuyerekeza mwana ndi mnzake kapena ndi mkulu wake amene munamuphunzitsa kale kumangobala chidani. Mafunso achipongwe monga "Kodi ichi n'Chichewa?" amawerengedwa ndi makolo komanso anzake a m'kalasi, ndipo mwana akachita manyazi amang'amba tsambalo. Samalaninso ndi mawu a malamulo a chiyankhulo. "Mgwirizanitsi walakwika" ndi ndemanga yolondola, koma ngati mwana waiwala kuti mgwirizanitsi n'chiyani, mwalankhula ndi mphepo. Lembani kuti: "Walemba 'nsomba anali ambiri'. Timati 'nkhuku zinali zambiri'. Nanga nsomba?"

Chachisanu: gawani mphamvu zanu malinga ndi kukula kwa kalasi

Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'Malawi, makalasi aakulu ndi chinthu chachizolowezi, ndipo malangizo amene saganizira zimenezi ndi ongotaya nthawi. Tiyeni tiwerengere. Kuwerenga chimangirizo chimodzi ndi kulemba ndemanga ya mbali zitatu kumatenga mphindi zinayi. Makope 80 ndiye mphindi 320, kuposa maola asanu, pa ntchito imodzi ya phunziro limodzi. Palibe amene angachite zimenezi sabata ndi sabata. Amene amayesa amayamba bwino pa makope 20 oyamba, akafika pa kope la 60 n'kumangolemba kuti "Ndaona".

Njira imene imatheka ndi yogawa. Kalasi ligawidwe m'magulu anayi a ana 20, osakaniza okhoza ndi ovutika. Pa ntchito iliyonse gulu limodzi lilandire ndemanga yathunthu, zimene zitenga mphindi 80. Ana 60 otsalawo alandire nambala yokha yochokera pa pepala lija munalembapo mavuto obwerezedwa. Nambala iliyonse ili ndi ntchito yake imene mudzailemba pa bolodi kamodzi kokha. Mwachitsanzo 1 akhale wa mipumiro, 2 wa kutchula zinthu zenizeni, 3 wa kugawa ndime, 4 wa kusochera pa mutu, 5 wa okhoza amene ayenera kusintha chiyambi cha ziganizo. Pa kope mumalemba nambala ndi kuika nyenyezi pa mzere umene mwana ayambire, ntchito ya mphindi imodzi ndi theka. Zonse pamodzi zikubwera pafupifupi maola atatu, ndipo pakatha ntchito zinayi mwana aliyense amakhala atalandirapo ndemanga yakeyake.

Nyenyeziyo musaiiwale. Nambala yopanda malo imabwerera ku vuto lija la "Gawa ndime": mwana wamva dzina la vuto koma sakuliona pa tsamba lake. Pa bolodi, nambala iliyonse ilembedwe ngati ntchito yathunthu, osati ngati mutu chabe. Musalembe "1. Zizindikiro". Lembani "1. Kuyambira pa nyenyezi, werenga mizere isanu mokweza, ika mpumiro pamene ganizo latha, kenako ulembenso mizereyo."

Zizindikiro za m'mphepete zimathandizanso ngati zili zochepa ndipo sizisintha chaka chonse. Zinayi ndi zokwanira: K pa mzere umene uli ndi mawu olembedwa molakwika, Z pamene chizindikiro chikusowa, // poyambira ndime yatsopano, ndi ^ pamene mawu adumphidwa. Ana azikopere mkati mwa chikuto cha kope. Kwa mwana wokhoza ikani K m'mphepete mokha kuti mawuwo awafune yekha mu mzerewo. Kwa wovutika dulani mzere kunsi kwa mawu enieniwo, chifukwa akapanda kuwapeza amakonza mawu amene anali olondola kale.

M'kalasi lililonse mumakhala ana angapo amene kuwerenga kukuwavutabe ngakhale afika Sitandade 7. Kwa iwowa ndemanga yolembedwa ndi tsamba linanso lovuta. Ayikeni pambali makope awo, ndipo pa nthawi yokonza muwaitane pamodzi kutsogolo, muwauze pakamwa chinthu chimodzi, chala chanu chili pa mzerewo. Kenako mufunse mwana aliyense kuti, "Ndiye uchita chiyani?" Akalephera kubwereza m'mawu akeake ndiye kuti sanamve, ngakhale agwedeze mutu.

Chachisanu ndi chimodzi: malikisi adikire

Mu 1988 katswiri wa zamaphunziro Ruth Butler anafalitsa kafukufuku amene anachita ndi ana a sukulu ku Israel. Ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri pamodzi. Amene ntchito yawo inapita patsogolo anali a ndemanga zokha. Amene analandira zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha. Mphunzitsi aliyense amene wabwezapo makope sangadabwe nazo: maso amathamangira pa nambala, kenako pa nambala ya mnzake wa pambali, ndipo ndemanga imene munaivutikira usiku siiwerengedwa.

Izi sizikutanthauza kuti malikisi atayidwe. Aphunzitsi aakulu amawafuna, a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera amayang'ana makope, makolo amafunsa, ndipo ana amene akuyandikira mayeso a MANEB ayenera kudziwa pamene ali. Chofunika ndi kusintha nthawi yowaperekera. Pochonga, lembani malikisi m'buku lanu, osati pa kope. Bwezani kope lili ndi ndemanga, tsiku ndi siginecha yanu, kuti aliyense woyang'ana aone kuti lachongedwa. Malikisi muwalembe pa kope mwana akamaliza kukonza. Ndi bwino kuwafotokozera aphunzitsi aakulu ndi makolo za njirayi teremu isanapite patali, chifukwa kholo likaona kope lopanda nambala limaganiza kuti mphunzitsi sakugwira ntchito. Ana nawonso adzadandaula masabata oyamba. Auzeni tsiku lenileni limene malikisi adzabwere, ndipo tsikulo mulisunge.

Aphunzitsi ena amapereka malikisi awiri, oyamba ndi a pambuyo pokonza, monga 9 kenako 12. Njirayi imalimbikitsa ana kukonza, koma ili ndi msampha: ena amayamba kulemba mosasamala poyamba podziwa kuti mwayi wachiwiri ulipo. Mukaona zimenezi, ikani malire akuti kukonza kungawonjezere malikisi atatu basi.

Chachisanu ndi chiwiri: perekani nthawi yokonzera m'kalasi

Ndemanga imene sinakonzedwerepo kanthu ndi maola anu otayika. Musanene kuti "mukakonze kunyumba". Kunyumba kuli ntchito zina, kwina kulibe nyali, ndipo kwina wokonza adzakhala mchimwene wake. Patulani mphindi 15 zoyambirira za phunziro la tsiku limene mukubweza makope. Lembani ntchito za manambala pa bolodi ana asanalowe. Mphindi zisanu zoyamba konzani pamodzi ndime imodzi yosonyeza vuto la kalasi lonse. Ndimeyo ikhale yopanga nokha potengera zolakwika zimene mwaona, osati yokopera m'kope la mwana amene anzake angamuzindikire. Mphindi 10 zotsalazo aliyense agwire yake.

Auzeni ana kuti asafufute kapena kumata zimene analemba poyamba. Ajambule mzere pansi pa ndemanga yanu, alembe mutu wakuti "Kukonza", ndipo zatsopano zibwere pamenepo. Motero inu ndi mwana mumaona zakale ndi zatsopano pa tsamba limodzi. Pamene akulemba, yendani pakati pawo ndi cholembera. Makope ambiri mutha kuwachonga pomwepo, chifukwa simukuwerenganso chimangirizo chonse, mukungoona ngati chinthu chimodzi chija chachitika.

Makope abwerere pasanathe sabata. Akachedwa kuposa pamenepo mwana amakhala ataiwala zimene ankafuna kunena, ndipo amawerenga ntchito yake ngati ya mlendo. Ndemanga yaifupi yobwera Lachinayi imaposa yaitali yobwera mwezi wamawa. Konzaninso kuti ntchito yotsatira ifune luso lomwelo. Ngati sabata ino mwawaphunzitsa kutchula zinthu zenizeni pa nkhani ya msika, mutu wotsatira ukhale ngati "Tsiku lokolola chimanga" kapena "Mpira wa pasukulu pathu", osati kalata ya ntchito. Asanayambe kulemba, aliyense atsegule ndemanga yake yapitayo, aikopere m'chiganizo chimodzi pamwamba pa tsamba latsopano.

Mmene mungadziwire kuti ndemanga sizikugwira

Umboni uli m'gawo la "Kukonza", osati m'kukongola kwa zimene mwalemba. Mwana akangokoperanso chimangirizo chonse ndi dzanja labwino osasintha kanthu, ndiye kuti ndemanga yanu sinatchule malo kapena inalibe mneni womuuza chochita. Akakonza malo okhawo amene munazunguliza n'kusiya vuto lomwelo mizere iwiri pansi pake, ndiye kuti watsata chala chanu koma chifukwa chake sanachimve. Ulendo wina muzungulize malo amodzi, mumuuze kuti alipo ena awiri oti awapeze yekha. Manja akakwera ambiri nthawi yokonza, funso lili lakuti "Apa mwalemba chiyani?", vuto ndi dzanja lanu kapena mawu ovuta, ndipo mankhwala ake ndi kulemba mawu ochepa ndi zilembo zooneka.

Pali chizindikiro china chimene chimaoneka mukatsegula masamba akumbuyo. Mukapeza kuti mwana mmodzi mwamulembera ndemanga yofanana katatu motsatizana, lekani kulemba yachinayi. Ndemanga imakumbutsa ndi kulondolera chinthu chimene mwana anachimvako pang'ono, koma singaphunzitse chimene sanachimvepo n'komwe. Mwana amene sakudziwa kuti chiganizo chimathera pati sangathandizidwe ndi "ika mpumiro" ngakhale mutalemba bwanji. Sonkhanitsani onse a nambala 1 amene abwereza katatu, muwapatse ziganizo zisanu zazifupi zolembedwa pa timapepala, azilumikize ndi kuzilekanitsa mokweza mpaka khutu lawo lizolowere pamene ganizo lathera, kenako abwerere ku ndime zawo zomwe zija akaikemo mipumiro inu muli pambali.